Kakompyuta Kakamva "Odi!" Kali Pakati pa Ntchito

Pali kachipangizo kena kotchipa kamene anthu amalumikiza pa paipi akafuna kudziwa kuchuluka kwa madzi amene adutsa. Dzina lake pamalonda ndi YF-S201. M'kati mwake muli kagudumu ka mapiko kokhala ndi maginito. Madzi akamadutsa kagudumuko kamazungulira, ndipo maginito aja akamapita pafupi ndi sensa, magetsi a pa waya wachikasu amakwera n'kutsikanso. Kukwera kulikonse ndi chizindikiro chimodzi. Opanga ake amati lita imodzi imabala zizindikiro pafupifupi 450. Ndiye kuti ndowa ya malita 20 ndi zizindikiro 9,000, ndipo mpopi wotulutsa malita 10 pa mphindi umatumiza zizindikiro 75 pa sekondi, china chilichonse chikubwera patapita mamilisekondi 13 chinzake chitafika.

Ntchito yowerenga zizindikirozi tiipatse Arduino Uno, kabolodi kokwana m'chikhatho kamene ophunzira zamagetsi ambiri amayambirapo. Mabolodi a Arduino anayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndipo ubongo wa Uno ndi chipu chotchedwa ATmega328P, chimene wotchi yake imagunda maulendo 16,000,000 pa sekondi. Tikufuna kuti munthu akatchera ndowa n'kudina batani, valavu itseguke, madzi athire, ndipo zizindikiro zikakwana 9,000 valavu itseke. Pakamwa n'zosavuta. Koma pulogalamu ya ntchito imeneyi ikhoza kulakwika m'njira zingapo zosiyana, ndipo zonse zimachokera pamalo amodzi: kakompyuta kameneka kamachita chinthu chimodzi pa nthawi, pamene madzi sadikira kuti kamalize kaye zimene kakuchita.

Pulogalamu iliyonse ya Arduino ili ndi gawo lotchedwa `loop()`, limene limazungulira osaleka: likafika kumapeto limayambiranso. Munthu woyamba kumene amaganiza zoika m'menemo lamulo loyang'ana waya wa sensa ulendo uliwonse. Zimayenda ndithu ngati `loop()` ilibe chochita china. Koma mukangowonjezera kulemba manambala pa sikirini, kuyang'ana batani, ndi `delay(1000)` wodikirira sekondi yathunthu, zizindikiro 75 zimadutsa kakompyuta kakuyang'ana kwina.

Mankhwala ake ndi intarapiti. Chipu chili ndi mbali yake ya magetsi imene imalondera mapini ena usana ndi usiku, popanda pulogalamu kuchitapo kanthu. Pa Uno mapini odziwika pa ntchitoyi ndi 2 ndi 3. Magetsi a pa pini 2 akakwera, mbali ija imadzutsa kambendera m'kati mwa chipu. Chipu chimamaliza lamulo limodzi limene chinali pakati pake, chimasunga pamene chinafika, n'kudumphira ku kapulogalamu kakang'ono kamene munakonzeratu. Kapulogalamuko kakatha, chipu chimabwerera pa `loop()` pamalo enieni pamene chinasiyira. M'mabuku ndi pa sikirini kapulogalamu kotere mudzakaona kakulembedwa kuti `ISR`.

```cpp
volatile unsigned int zizindikiro = 0;

void werenga() {
  zizindikiro++;
}

void setup() {
  pinMode(2, INPUT_PULLUP);
  attachInterrupt(digitalPinToInterrupt(2), werenga, RISING);
}
```

Taonani kuti `werenga()` ili ndi mzere umodzi basi. Palibe paliponse pamene `loop()` imaiitana. Amaiitana ndi madzi, pa nthawi yawo.

Zili ngati mayi akuvundula nsima ndipo wina waodira pakhomo. Amasiya mthiko, kusuzumira, kuyankha kuti "Lowani, khalani apo", n'kubwerera pamoto msanga. Akati ayambe kufunsa za kumudzi ali chiimire pakhomopo, nsima ipserera, ndiponso wachiwiri wodzaodira sapeza womuyankha.

Chimene chimafa kapulogalamuka kakatalika

Chipu cha ATmega328P chikalowa m'kapulogalamu ka intarapiti, chimatseka chokha maintarapiti ena onse mpaka chitatuluka. Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya kufupikitsa. Pini 2 si yokhayo imene imadalira intarapiti. Wotchi ya pulogalamu, imene timaifunsa nthawi polemba `millis()`, imayenda chifukwa cha intarapiti ina imene imabwera pa mamilisekondi 1.024 alionse n'kuwonjezera nambala. Zilembo zobwera kuchokera ku kompyuta yaikulu kudzera pa waya nazonso zimalandiridwa ndi intarapiti yakeyake. Onsewa amaima panja kudikira `werenga()` kuti ithe.

Ndipo kudikira kwake kuli ndi malire. Gwero lililonse la intarapiti lili ndi kambendera kamodzi kokha. Chizindikiro chikafika khomo lili lotseka, kambendera kamadzuka n'kukhala chodzukacho, ndipo khomo likatseguka chizindikirocho chimawerengedwa, mochedwa koma osatayika. Zikafika ziwiri, chachiwiri chimapeza kambendera kali kodzuka kale. Palibe pena polemba kuti zinali ziwiri. Chimodzi chapita, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani.

Tiyeni tione zimene zimachitika munthu akachita chinthu chimene pafupifupi aliyense amalakalaka kuchita tsiku loyamba: kuika `Serial.println()` m'kati mwa `werenga()` kuti aziona pa sikirini kuti sensa ikugwira. Tinene kuti uthenga wake uli ndi zilembo 20, ndipo liwiro la waya ndi lija lozolowereka la 9600. Pa liwiro limeneli pamadutsa zilembo 960 pa sekondi, choncho uthenga umodzi umafuna mamilisekondi pafupifupi 21. Poyamba sizioneka, chifukwa Arduino imaika zilembozo pa mzere wodikirira wa malo 64 n'kumazitumiza pang'onopang'ono. Mukauzira mpweya mu sensa ndi pakamwa kapena kutsegula mpopi pang'ono, zonse zimaoneka bwino, munthu n'kumwetulira.

Tsegulani mpopi ufike pa malita 10 pa mphindi. Tsopano mauthenga 75 pa sekondi akufuna zilembo 1,500, pamene waya umangotha 960. Mzere wodikirira umadzaza sekondi isanathe, ndipo kuyambira pamenepo `werenga()` iliyonse imakhala m'kati mamilisekondi 21 kudikira malo. Zizindikiro zikubwera pa mamilisekondi 13 alionse. Kakompyuta kamangokwanitsa kuwerenga 48 pa sekondi m'malo mwa 75. Ndowa ya malita 20 imadzaza pa mphindi ziwiri, koma nambala imakhala itangofika cha pa 5,760, zimene ndi malita osakwana 13.

Si zokhazo. Nthawi iliyonse `werenga()` ikamatha imapeza kambendera ka pini 2 kadzukanso. Chipu ichi chili ndi lamulo lakuti chikatuluka mu intarapiti chichite lamulo limodzi la pulogalamu yaikulu chisanalowe mu ina, ndiye `loop()` imasuntha phazi limodzi pa mamilisekondi 21 alionse, pamene nthawi zonse imasuntha mamiliyoni pa sekondi. Komanso maintarapiti akakumana pakhomo, ya pini 2 ndiyo imayamba kulowa, ya wotchi imatsatira, choncho ya wotchi sipeza mpata n'komwe ndipo `millis()` imaima. Amene akuona amati bolodi yafa kapena magetsi achepa. Akatseka mpopi ndi dzanja, bolodi ija imadzuka ngati palibe chachitika. Chizindikiro cha matendawa n'chomwecho: makina amene amayenda bwino madzi akamadontha, n'kuuma madzi akachuluka.

`delay()` m'kati mwa intarapiti ndi yoipa kuposa pamenepa, chifukwa nayo imadalira wotchi yomwe ija imene yatsekeredwa panja, ndipo sidikira nthawi imene mwaiuza.

Kodi "kufupika" ndi kotani? Palibe nambala imodzi yokwanira makina onse. Muyeso wake ndi mpata wa pakati pa zizindikiro ziwiri za gwero lothamanga kwambiri pa bolodi yanu. Sensa yathu ikathamanga mpaka pamapeto pake, malita 30 pa mphindi, imapereka zizindikiro 225 pa sekondi, mpata wa mamilisekondi 4 ndi pang'ono. Koma wotchi ija imafuna kuyankhidwa pa milisekondi iliyonse, ndiye malire enieni ndi amenewo. `werenga()` ya mzere umodzi, pamodzi ndi ntchito yosunga ndi kubwezera zimene chipu chinagwira, imatha m'mamayikulosekondi ochepa, ndipo mayikulosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milisekondi. Ili kutali kwambiri ndi malire. Ine ndimaona kuti funso lothandiza polemba mzere uliwonse m'kapulogalamuka ndi ili: kodi ntchitoyi ingawonongeke itadikira kuti `loop()` idzaichite? Kuwonjezera nambala sikungadikire, chifukwa chizindikiro china chikubwera. Kusintha zizindikiro kukhala malita, kulemba pa sikirini, kusunga pa khadi, zonsezo zingadikire, choncho malo ake ndi mu `loop()`. Wofuna kuyeza ndi maso amayatsa pini ina polowa m'kapulogalamuka n'kuizimitsa potuluka, kenako amaona utali wake pa osilosikopu.

Valavu yosatseka

Tachotsa zolemba mu `werenga()`. Tsopano mu `loop()` tikutsegula valavu n'kudikira motere:

```cpp
while (zizindikiro < 9000) {
}
digitalWrite(VALAVU, LOW);
```

Tiyerekeze kuti polengeza `zizindikiro` tinaiwala mawu aja akuti `volatile`. Ndowa idzadzaza, madzi adzasefukira pansi, valavu ili chitsegukire. Komatu `werenga()` ikugwira bwinobwino, nambala ikukwera, yadutsa kale 9,000.

Wolakwa, ngati tingamutche wolakwa, ndi kompaila, pulogalamu imene imasandutsa zimene talemba kukhala malamulo amene chipu chimamva. Nambala yathu imakhala mu memore, koma chipu sichiyerekezera manambala ali mu memore. Chimayamba chawakokera m'marejisita, timalo 32 timene tili pamtima penipeni pa chipu, ndipo kukoka kulikonse kumadya nthawi. Kompaila ya Arduino inauzidwa kuti izichepetsa pulogalamu mmene ingathere. Ikayang'ana mizere ili pamwambayi imaona kuti m'kati mwa `while` mulibe chosintha `zizindikiro`, ndipo palibe amene akuitana `werenga()` m'menemo. Imaganiza kuti nambala imene singasinthe palibe chifukwa choikokera kawiri. Imaikoka kamodzi, ipeza ndi 0, ndipo kuyambira apo chipu chimangozungulira pamalo amodzi mpaka wina azimitse magetsi. Malinga ndi malamulo a chinenero cha C, kompaila sinalakwe. Sinauzidwe kuti kunja kuli dzanja lina.

`volatile` ndi uthenga umenewo. Mawuwa analowa m'malamulo ovomerezeka a C mu 1989, ndipo amauza kompaila kuti nambala iyi ikhoza kusintha iyo isakuona, choncho paliponse pamene pulogalamu yaitchula, ikaitengenso ku memore, ndipo paliponse pamene yailemba, ilembedi. Nambala iliyonse imene imagwiridwa ndi intarapiti komanso ndi `loop()` imafuna mawu amenewa.

Vuto la kuiwala `volatile` lili ndi khalidwe lopusitsa. Munthu akafuna kulifufuza amaika `Serial.println(zizindikiro)` m'kati mwa `while` muja, ndipo nthawi zambiri vuto limazimiririka, chifukwa tsopano kompaila yaona kuti m'menemo mukuitanidwa ntchito ina imene mwina ingasinthe nambalayo, ndiye yayamba kuikoka ulendo uliwonse. Akachotsa mzere wofufuzira uja, vuto labwerera. Mukaona vuto lothawa mukamaliyang'ana chonchi, yambani mwafunsa za `volatile`.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amaima pamenepa. Aika `volatile`, valavu yatseka, ndipo amakhulupirira kuti nambala yawo yatetezedwa. Sinatetezedwe. `volatile` imalankhula ndi kompaila yokha. Ilibe mphamvu iliyonse pa nthawi imene intarapiti ingagwere.

Nambala yong'ambika pakati

ATmega328P imanyamula baiti imodzi pa ulendo, ndipo baiti imasunga manambala kuyambira 0 mpaka 255. Nambala yathu ya `unsigned int` ili ndi mabaiti awiri. Yam'munsi imawerenga kuchoka pa 0 kufika pa 255, kenako imabwerera pa 0 n'kuwonjezera 1 pa yam'mwamba. Mtengo wonse ndi yam'mwamba kuchulukitsa ndi 256, kuphatikiza yam'munsi. Kuti `loop()` iwerenge nambalayi pamafunika malamulo awiri: kukoka baiti yam'munsi, kenako yam'mwamba. Pa sikirini ndi mawu amodzi, koma kwa chipu ndi masitepe awiri, ndipo intarapiti ikhoza kugwera pakati pawo.

Tiyeni tiitsatire pafupi. Ndowa yatsala pang'ono kudzaza, nambala ili pa 8,959. Baiti yam'mwamba ndi 34, yam'munsi ndi 255. `loop()` yakoka yam'munsi, yagwira 255. Nthawi yomweyo kagudumu kazungulira, `werenga()` yalowa, nambala yakhala 8,960: yam'mwamba 35, yam'munsi 0. Chipu chabwerera, `loop()` yakoka yam'mwamba, yagwira 35. Ikaphatikiza 35 yatsopano ndi 255 yakale ikupeza 9,215. Nambala imeneyi sinakhaleko mu memore ngakhale kamphindi. Koma ndi yoposa 9,000, ndiye valavu yatseka kutatsala zizindikiro 40, pafupifupi mamililita 90.

Pa ndowa imodzi ameneyo ndi madzi osadzaza kapu, ndipo wogula sangadandaule. Koma tsokali limakula ndi nambala. Amene akuwerenga madzi onse otuluka mu thanki amagwiritsa ntchito `unsigned long`, ya mabaiti anayi. Nambala yotere ikang'ambika pochoka pa 65,535 kupita pa 65,536, `loop()` ikhoza kuona 131,071, kulakwa kwa malita oposa 145 pa kuwerenga kumodzi. Ngati nambala imeneyo ndiyo ikuzimitsa pampu kapena kulembedwa pa bilu, nkhani yasintha.

Uwu ndiwo mpikisano wa pakati pa intarapiti ndi `loop()`: zotsatira zimadalira amene wafika pa nambalayo poyamba, ndipo kusiyana kwake ndi kwa kugunda kuwiri kwa wotchi ya chipu. Kuchuluka kwa ngoziyi kumadalira mmene mukuwerengera. Mu `while` yopanda kanthu ija chipu sichichita china koma kukoka mabaiti awiriwo mobwerezabwereza, choncho mwayi woti chizindikiro cha 8,960 chigwere pakati pawo ndi waukulu, cha pa ndowa imodzi mwa zinayi zilizonse. Koma pulogalamu yowerenga nambalayi kamodzi pa sekondi ili ndi kampata kochepetsetsa. Baiti yam'munsi imabwerera pa 0 kamodzi pa masekondi atatu ndi theka, ndipo kuti zimenezi zigwere ndendende pa kampata kaja, masamu ake amapereka cha pa kamodzi pa miyezi khumi madzi akuyenda osaleka. Vuto la mtundu wachiwiriwu ndilo lozunza. Silioneka pa tebulo loyeserera. Limadzaoneka makina ataikidwa kale pa thanki kutali, kamodzi, n'kusowanso, ndipo anthu amanamizira mphezi, waya womasuka kapena sensa yachabe.

Lili ndi zidindo zake komabe. Nambala yolakwika imasiyana ndi yoona ndi 256 kapena 65,536 kapena pafupi kwambiri ndi pamenepo, ndipo kuwerenga kotsatira kumabwerera m'mbuyo. Madzi sabwerera m'paipi, choncho nambala yoyenera kumangokwera ikatsika, mwaligwira.

Kukonza kwake ndi kutseka khomo kanthawi kokopera nambalayo:

```cpp
unsigned int tengaNambala() {
  noInterrupts();
  unsigned int kope = zizindikiro;
  interrupts();
  return kope;
}
```

Pakati pa `noInterrupts()` ndi `interrupts()` palibe intarapiti ingalowe, choncho mabaiti onse awiri ndi a nthawi imodzi. Kuchokera apo `loop()` imagwira ntchito ndi kope, osakhudzanso nambala yeniyeni: `while (tengaNambala() < 9000)`. Wina angafunse ngati chizindikiro chofika khomo lili lotseka sichitayika. Sichitayika, kambendera kaja kamachisunga, ndipo khomo latsekedwa kwa nthawi yosakwana mayikulosekondi imodzi. Koma lamulo la kufupika lija likugwiranso ntchito pano. Mukaika kuwerengera malita kapena kulemba pa sikirini pakati pa mizere iwiriyo, mwabweza matenda oyamba aja kudzera khomo lakumbuyo. M'katimo mukhale kukopera kokha.

Olemba Arduino nawo amachita chimodzimodzi. Mukatsegula mmene `millis()` inalembedwera mupeza kuti imatseka maintarapiti, kukopera nambala yake ya mabaiti anayi, n'kubwezera khomo mmene inalipezera. Mawu akuti "mmene inalipezera" ndi ofunika. `interrupts()` imatsegula khomo mosafunsa, ngakhale kuti amene anaitana ntchitoyo anali atalitseka dala. Pa machipu a mtundu uwu pali `ATOMIC_BLOCK(ATOMIC_RESTORESTATE)` ya mu `util/atomic.h`, imene imakumbukira mmene zinalili n'kubwezera momwemo, ndipo ndiyo yoyenera m'ntchito imene ingaitanidwe kuchokera malo osiyanasiyana.

Pali mpikisano wina wofatsa, umene sudumphitsa nambala koma umaba pang'onopang'ono. Ofuna kudziwa liwiro la madzi amakonda kuwerenga nambala pa sekondi iliyonse n'kuibweza pa 0:

```cpp
malita = zizindikiro / 450.0;
zizindikiro = 0;
```

Kugawa kwa manambala a madesimo kumatenga nthawi pa chipu ichi, chifukwa chilibe mbali yochitira masamu otere ndipo chimawachita ndi malamulo ambirimbiri. Chizindikiro chofika mzere woyamba utakoka kale nambala, wachiwiri usanafike, chimawonjezeredwa ndithu ndi `werenga()`, kenako chimafufutidwa ndi 0 uja. Sichinalowe m'sekondi yathayi, sichidzalowanso mu yotsatira. Wina akaika mzere wolemba pa sikirini pakati pa iwiriyi, mpata umakula, zotayika zimachuluka, ndipo mita imangopereka malita ochepera pa enieni, mwakachetechete. Anthu ambiri amathamangira kusintha 450 uja kuti zigwirizane ndi ndowa yoyezera, ndipo zimagwirizanadi pa liwiro limenelo, n'kusiyananso mpopi ukatsegulidwa mwina.

Mungathe kuika kukopera ndi kubweza pa 0 m'kati mwa khomo lotseka limodzi, ndipo zimatha. Njira imene ine ndimaikonda ndi yosabweza pa 0 n'komwe. `werenga()` yokha ndiyo ilembe nambalayo, `loop()` izingowerenga, n'kuchotsera kope lakale pa latsopano:

```cpp
unsigned int tsopano = tengaNambala();
unsigned int zatsopano = tsopano - kale;
kale = tsopano;
```

Wolemba akakhala mmodzi, palibenso wofufuta za mnzake. Nambala ya mabaiti awiri ikafika pa 65,535 imabwerera pa 0, koma kuchotsera kwa manambala a `unsigned` kumaperekabe yankho loona. Ngati `kale` inali 65,500 ndipo `tsopano` ndi 39, `zatsopano` imatuluka 75. Chofunika n'chakuti `loop()` iwerenge nambala isanazungulire ulendo wathunthu, ndipo pa sensa yathu ikuthamanga kotheratu ulendo umenewo umatenga mphindi pafupifupi zisanu.

Nambala ya baiti imodzi, monga kachizindikiro ka `volatile bool` kamene intarapiti imadzutsa kuti iuze `loop()` kuti batani ladinidwa, singang'ambike, chifukwa imakokedwa ndi lamulo limodzi. Koma musatengeke nazo. Ngakhale pa baiti imodzi, `x++` ndi masitepe atatu: kukoka, kuwonjezera, kubwezera. Mu `werenga()` zilibe vuto popeza khomo ndi lotseka. `loop()` ikachita `x--` pa nambala yomwe intarapiti ikuchita `x++`, intarapiti yogwera pakati pa kukoka ndi kubwezera imafufutidwa.

Popeza vuto la kamodzi pa miyezi khumi simungalidikire, muyenera kulikakamiza kuti lituluke. Chotsani sensa, lumikizani waya kuchoka pa pini 8 kupita pa pini 2, ndipo lembani `tone(8, 10000)` kuti bolodi idzitumizire yokha zizindikiro 10,000 pa sekondi. Mu `loop()` werengani nambala mosalekeza popanda kutseka khomo, ndipo muyatse nyale ya pa pini 13 nthawi iliyonse imene kusiyana kwa kuwerenga kuwiri kotsatizana kwaposa 200. Baiti yam'munsi tsopano ikubwerera pa 0 maulendo 39 pa sekondi, ndipo nyale imayaka musanachotse dzanja pa waya. Bwezerani `tengaNambala()`, yambitsaninso bolodi, ndipo nyale iyenera kukhala yozima ngakhale mutaisiya usiku wonse.

Amene asamukira ku mabolodi akuluakulu ngati ESP32 adziwe kuti mbali ina ya nkhaniyi imasintha. Chipu chake chimakoka mabaiti anayi pa ulendo umodzi, choncho `unsigned long` sing'ambika, koma nambala ya mabaiti asanu ndi atatu imang'ambika, ndipo `x++` idakali masitepe atatu. ESP32 yoyambirira ilinso ndi mitima iwiri yogwira ntchito nthawi imodzi, ndipo kutseka maintarapiti pa mtima umodzi sikuletsa winawo kugwira nambala yomweyo. Kumeneko amagwiritsa ntchito `portENTER_CRITICAL()` mu pulogalamu yaikulu ndi `portENTER_CRITICAL_ISR()` m'kati mwa intarapiti, zonse zitagwira loko mmodzi, kuti mtima umene wafika mochedwa udikire mnzake amalize kukopera.